Lie kapena lay? Mmene mungasankhire mawu oyenera pa mpata wa mayeso a Chingerezi

Ana asukulu ambiri amene amalankhula bwino Chingerezi amataya malikisi akapeza chiganizo chokhala ndi mpata woti alembepo *lay*, *laid* kapena *lain*. Ngakhale eni chiyankhulocho amasokoneza aneni amenewa. Komatu munthu wolankhula Chichewa ali ndi poyambira pabwino, chifukwa kusiyana kwake timakudziwa kale: kugona ndi kugoneka, kukwera ndi kukweza, kukhala ndi kukhazika.

Mwana amagona yekha, koma mayi amagoneka mwana. Mneni woyambayo safuna pamtherankhani, pomwe wachiwiriyo ntchito yake imayambukira chinthu china. Aneni a Chingerezi asanu ndi mmodziwa agawikanso chimodzimodzi. *Lie*, *rise* ndi *sit* ndi osayambukira: kugona, kukwera kapena kudzuka, ndi kukhala pansi. *Lay*, *raise* ndi *set* ndi oyambukira: kugoneka kapena kuyala, kukweza, ndi kukhazika kapena kuika. Kufanana kwawo sikunachitike mwangozi. Kalekale *lay* anapangidwa kuchokera ku tsinde la *lie*, ndipo *set* ku tsinde la *sit*, ndi tanthauzo la kuchititsa.

Vuto lenileni limabwera mu nthawi yakale. Mneni aliyense ali ndi maonekedwe atatu oyenera kuwaloweza: a tsopano, a zomwe zinachitika kale, ndi omwe amatsatira *has*, *have* kapena *had*.

*lie, lay, lain* ndi *lay, laid, laid*
*rise, rose, risen* ndi *raise, raised, raised*
*sit, sat, sat* ndi *set, set, set*

Taonani mzere woyambawo. Mawu akuti *lay* akupezeka kawiri. Ndi nthawi yakale ya kugona, komanso ndi nthawi yatsopano ya kugoneka. Apa ndiye pamene olemba mayeso amatchera msampha. Palinso *lie* wina wotanthauza kunama, amene nthawi yake yakale ndi *lied*.

Tiyeni tiyese chiganizo ichi: *Yesterday the patient ___ on the mat for two hours.* Mayankho ndi *laid*, *lied*, *lain* ndi *lay*. Choyamba funsani kuti, kodi pali chinthu chomwe wodwalayo anachigoneka? Pambuyo pa mpata pali *on the mat*, omwe akunena malo, ndi *for two hours*, omwe akunena kutalika kwa nthawi. Pamtherankhani palibe, choncho *laid* wagwa. Wodwalayo sananame, ndiye *lied* wagwanso. Funso lachiwiri ndi la nthawi. *Yesterday* akutiuza kuti ndi zadzulo, ndipo kutsogolo kwa mpata kulibe *has* kapena *had*, zomwe zikuchotsa *lain*. Yankho ndi *lay*. Ambiri amalikana chifukwa silimveka ngati nthawi yakale, nathamangira *laid* poona kuti akuthera ndi d.

Chiganizo chikasintha kukhala *The nurse ___ the baby on the mat yesterday*, funso lomwe lija likupeza yankho: namwino anagoneka mwana. Tsopano *laid* ndiye wolondola.

Njira yomweyi imagwira ntchito pa nkhani ya mitengo. Mu *The price of maize has ___ again*, mtengo wakwera wokha ndipo pali *has*, ndiye timalemba *risen*. Mu *The traders have ___ the price of maize*, ochita malonda akweza mtengo, ndiye timalemba *raised*. Chenjerani ndi chiganizo chonga *The school fees were ___ last term*. Pambuyo pa mpata palibe pamtherankhani, komabe yankho ndi *raised*, chifukwa *were* akusonyeza kuti fizi inakwezedwa ndi wina. Mneni wosayambukira sangalowe mu msintho wochitidwa. N'chifukwa chake timati *the foundation was laid*, maziko anayalidwa, osati *was lain*.

*Sit* ndi *set* savuta kwambiri. Ingokumbukirani kuti *set* sasintha, ndipo *setted* kulibe. *She sat on the chair* ndi kukhala pampando, pomwe *She set the pot on the fire* ndi kutereka mphika pamoto.

Lamuloli lili ndi malire ake. Dzuwa likalowa Angerezi amati *the sun sets*, popanda pamtherankhani, ndipo amateronso simenti ikauma. Mu Chingerezi cha ku Britain, chomwe timatsata m'sukulu zathu, *sit an exam* ndi kulemba mayeso. Izi ziloweni pazokha ngati matanthauzo apadera.

Inu amene mukukonzekera JCE kapena MSCE, musasankhe yankho potengera kukoma kwake m'khutu. Pa mpata uliwonse yambani mwafunsa ngati wina akugona kapena akugoneka chinthu, kenako fufuzani mawu osonyeza nthawi, ndipo mukatero mulembe yankho lanu.