Mwasintha pasiwedi ya wayifayi, pulinta yangoti zii

Bandulo ikayamba kutha msangamsanga pashopu yosindikiza mapepala, mwini wake amakayikira oyandikana nawo n'kusintha pasiwedi. Mafoni ndi laputopu amazilowetsa pasiwedi yatsopano pomwepo, pulinta n'kuiwalika. Kasitomala akabwera ndi kalata yake yofunsira ntchito, pakompyuta pangolembedwa kuti Offline, ndipo ena amathamangira kwa amisiri poganiza kuti makina apsa.

Pulintayo ili bwinobwino. Imasunga dzina la netiweki ndi pasiwedi zimene munaipatsa tsiku loyamba, ndipo chimodzi chikasintha imangofunafuna zakalezo. Pa mapulinta ambiri a HP, kanyali kabuluu kakamaphethira ndiye kuti sinalumikizike. Kakayaka osaphethira, zatheka.

Ngati mwangogula rauta ina, njira yachidule ilipo: ipatseni dzina ndi pasiwedi za rauta yakale, osasintha ngakhale chilembo chimodzi, chachikulu chikhale chachikulu. Pulinta idzalumikizika yokha. Koma ngati munasintha pothawa akuba bandulo, njira imeneyi iwabwezanso, choncho muyenera kuphunzitsa pulintayo pasiwedi yatsopano. Pa yokhala ndi sikirini, pitani pa Network kapena Wireless Setup Wizard, sankhani netiweki yanu, lembani pasiwedi. Pa yopanda sikirini, dinizani batani la wayifayi kwa masekondi angapo, kenako la WPS parauta pasanathe mphindi ziwiri. Netiweki ikapanda kuoneka pamndandanda, onani ngati rauta ikuulutsa pa 2.4 GHz, chifukwa mapulinta ambiri otsika mtengo sagwira 5 GHz.

Pamene ambiri amagwa ulesi ndi apa. Kanyali kayaka bwino, koma kompyuta ikukanabe. Rauta imapatsa chipangizo chilichonse nambala yake, imene pasikirini imalembedwa kuti IP address. Tinene kuti rauta yakale inapatsa pulinta 192.168.1.20, pomwe yatsopano yaipatsa 192.168.8.105. Kompyuta ikugogodabe pakhomo lakale, pomwe mwini nyumba anasamuka. Sindikizani lipoti la netiweki kuchokera papulinta penipenipo, ndipo nambala imene mwaipezayo muilembe mu Chrome, pamwamba polemba maadiresi paja. Tsamba la pulinta likatseguka, netiweki ilibe mlandu, vuto lili mukompyuta. Mu Windows pitani pa Printers & scanners, chotsani pulinta yakaleyo, muiikenso mwatsopano. Likakana kutseguka, onani ngati laputopu ili pa netiweki yomweyo, osati pa intaneti yapafoni kapena netiweki ya alendo ija imalembedwa kuti Guest.

Nthawi zina nambala imayambabe ndi 192.168.1, kusonyeza kuti wina anaikhomerera pamanja kalekale. Dinizani Restore Network Settings kuti pulinta iiwale zonse, muyambirenso. Kasitomala akakhala kuti akufulumira, lumikizani kaye chingwe cha USB, za wayifayi muzione mukatseka shopu.