Kukonza malire a minda pa mapu a pakompyuta musanawerengere kukula kwa malo

Pa mapu a pakompyuta, munda kapena puloti iliyonse imasungidwa ngati mndandanda wa madontho. Dontho lililonse ndi ngodya imodzi ya malowo, ndipo kompyuta imalumikiza madonthowo ndi mizere yowongoka, kuchokera pa loyamba kudutsa onse mpaka kubwerera pomwe inayambira. Chithunzi chotsekeka chimenechi akatswiri a mapu amachitcha poligoni. Pali malamulo atatu omwe mapoligoni a minda ayenera kutsata: mzere wa malire usadzipingase wokha, minda iwiri isalowerane, ndipo pakati pa minda yogundana pasakhale mpata wopanda mwini. Malamulo a kakhalidwe ka zinthu zoyandikana otere ndiwo amatchedwa topoloji. Akaphwanyidwa, mapu amaoneka abwinobwino m'maso, koma mahekitala owerengedwa kuchokera pa mapuwo amakhala abodza.

Ku Malawi nkhaniyi yafika m'midzi kudzera mu lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe limalola mabanja kulembetsa malo awo. Kulembetsako kumafuna kuti malire a munda uliwonse ajambulidwe, ndipo minda ya mudzi umodzi ikaikidwa pa mapu amodzi, zolakwika zonse zimaonekera.

Ntchito yokonza imayamba ndi zinthu ziwiri zosavuta. Choyamba ndi kukopera fayilo ya mapuyo ndi kusunga yoyambayo osaikhudza, popeza zida zokonzera zimasuntha ngodya mazanamazana nthawi imodzi ndipo kubweza kumavuta. Chachiwiri ndi kutsimikiza kuti minda yonse yayezedwa ndi muyezo umodzi. Mapu akale a dziko lino anajambulidwa ndi muyezo wa Arc 1950, pomwe GPS ya masiku ano imagwiritsa ntchito WGS 84, ndipo malo amodzi omwewo amasiyana ndi mamita mazana angapo pa miyezo iwiriyi. Chizindikiro chake n'chakuti gulu lonse la minda limasunthira mbali imodzi pa mtunda wofanana. Limenelo si vuto la topoloji, ndipo wofuna kulithetsa pokoka ngodya imodziimodzi amangoononga mapu. Minda yonse iyenera kusinthidwira ku muyezo wowerengera mamita, monga EPSG:32736 womwe umakwanira Malawi yense, kuti mtunda ndi kukula kwa malo ziziwerengeka m'mamita osati m'madigiri.

Vuto loyenera kuyamba nalo ndi la malire odzipingasa, chifukwa zida zambiri zofufuzira zolakwika zinazo zimakana kapena kudumpha poligoni yotere. Chitsanzo ndi puloti ya mamita 40 mulitali ndi mamita 30 mulifupi, yomwe kukula kwake ndi masikweya mita 1,200. Ngodya zake zinayi ndi A, B, C ndi D, ndipo woyeza malo anazilemba bwino zonse. Koma polowetsa mu kompyuta, mlembi anasinthanitsa ziwiri zomaliza, n'kulemba A, B, D, C. Mzere wochoka pa B tsopano ukudula pakati pa puloti kupita pa D, wina wochoka pa C ukudula kubwerera pa A, ndipo iwiriyi ikukumana pakatikati. Puloti ija yaning'a pakati ngati chiuno cha mavu. Mu PostGIS, cholakwikacho chimafunsidwa motere:

```sql
SELECT ST_IsValidReason(
  'POLYGON((0 0,40 0,0 30,40 30,0 0))'::geometry);
```

Yankho lake ndi `Self-intersection[20 15]`, kutanthauza kuti mizere yapingasana pa mamita 20 kuchokera pa ngodya A motsata utali, ndi mamita 15 motsata ufupi. Mu QGIS, pulogalamu yaulere yomwe maofesi ambiri amagwiritsa ntchito, chida cha `Check validity` chimachita zofananazo: chimapatula minda yabwino ndi yolakwika, n'kuika dontho pamalo penipeni pomwe pali vuto.

Choopsa cha puloti yotereyi chili pa kukula kwake. Kompyuta ikawerengera, imapeza 0. Izi zimachitika chifukwa powerengera imatsata mbali yomwe mzere wa malire ukuzungulira. Theka limodzi limazungulira kumanja, linalo kumanzere, ndipo awiriwa amafafanizana. Puloti ikakhala yosafanana mbali zake, yankho silikhala 0 koma nambala ina yaing'ono yooneka ngati yoona, ndipo imeneyo ndiyo imadutsa osazindikirika.

Pali chida chokonzera, `Fix geometries` mu QGIS kapena `ST_MakeValid` mu PostGIS, ndipo apa m'pomwe ambiri amapusitsika. Chidacho chimadula puloti ija pamphambano pa mizere n'kupanga zidutswa ziwiri za ngodya zitatu, chilichonse cha masikweya mita 300. Cholakwika chija chimachoka pa mndandanda, kompyuta imakhutira, koma mwini puloti watsala ndi masikweya mita 600 m'malo mwa 1,200. Chidacho chimatsatira malamulo a kajambulidwe basi, sichidziwa munda weniweniwo. Kukonza koyenera pa vutoli ndi kutsegula mndandanda wa ngodya, kuyerekeza ndi buku la woyeza malo, n'kubwezera C ndi D m'malo mwake. Chida chija chimathandiza pa timalupu ting'onoting'ono tomwe timapangika dzanja likanjenjemera pojambula, kapena GPS ikayendayenda munthu ataima pamodzi. Ngakhale pamenepo, kukula kwa munda uliwonse kuyenera kulembedwa kaye, kenako n'kuyerekezedwa ndi komwe kwapezeka pambuyo pokonza. Munda womwe wasintha kwambiri, kapena wagawika pawiri, uyenera kuonedwa ndi maso.

Kulowerana kwa minda ndi mipata ya pakati pa minda zimachokera kumodzi: malire amodzi ayezedwa kawiri. GPS ya m'manja kapena ya pafoni imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu ngakhale kumwamba kuli koyera, ndipo pansi pa mitengo imaphonya koposa. Woyeza akayenda mzere wa khonje Lolemba poyeza munda wa kumtunda, n'kuyendanso mzere womwewo Lachiwiri poyeza wa kumunsi, mizere iwiriyo siigwera pamodzi. Pena imalowerana, pena imasiya mpata. Minda iwiri ya mamita 100 mulitali ndi 50 mulifupi, yogundana mbali yaitali, iyenera kukhala hekitala imodzi yonse pamodzi. Wa kumunsi ukalowa mwa mnzake ndi mamita awiri, masikweya mita 200 amawerengedwa kawiri, ndipo chiwerengero chimakhala 10,200. Pa minda iwiri n'zochepa, koma pa mudzi wonse zimasokoneza kuwerengera kwa feteleza, kwa zokolola, ngakhale kwa chipukuta misozi pomwe msewu ukudutsa.

Mu QGIS zolakwikazi zimapezeka ndi `Topology Checker`, posankha malamulo a `must not have duplicates`, `must not overlap` ndi `must not have gaps`. Loyambalo limagwira munda womwe unalowetsedwa kawiri, ndipo ndi bwino kuchotsa yotereyo kaye kuti isadzaze mndandanda wa minda yolowerana. Lamulo la mipata lili ndi malire ake: limaona mpata wokhawo womwe wazunguliridwa ndi minda mbali zonse. Mpata wotseguka kumapeto kwa mudzi sulipeza, pokhapokha minda yonse itayerekezedwa ndi poligoni ya malire a mudziwo.

Mndandanda ukatuluka, ntchito yaikulu ndi kusiyanitsa zolakwika za kayezedwe ndi zinthu zenizeni za pamalopo. Kachidutswa kakatali, kopyapyala, kotsata malire, kosafika mita imodzi mulifupi, kawirikawiri ndi cholakwika cha kayezedwe. Mpata wotambalala ukhoza kukhala njira ya ngolo, khwawa, manda, chitsime cha mudzi kapena munda womwe mwini wake kunalibe tsiku loyeza. Mipata yotere siitsekedwa pouphatikiza ku munda woyandikana nawo. Imajambulidwa ngati poligoni payokha n'kulembedwa chomwe ili. Chithunzi cha m'mlengalenga choikidwa pansi pa mapu chimathandiza kwambiri pamenepa, popeza njira ndi mitengo ya kumanda zimaoneka.

Zolakwika zing'onozing'ono zimakonzedwa ndi `Snap geometries to layer`, chida chomwe chimakokera ngodya zoyandikana pamalo amodzi. Chimafuna nambala imodzi yotchedwa `Tolerance`, mtunda womwe ngodya ikuloledwa kusuntha, ndipo nambala imeneyi ndiyo imapulumutsa kapena kuononga mapu. Ikachepa kwambiri, mipata imatsala. Ikakula, zinthu zenizeni zimamezedwa: njira ya mita imodzi ndi theka imafafanizika ikapatsidwa mamita awiri, ndipo ngodya ziwiri za dimba laling'ono zikhoza kugwera pamodzi. Nzeru yake ndi kuyamba ndi nambala yaing'ono, monga masentimita 10, kuona zotsala, n'kukweza pang'onopang'ono, osafika pa kupingasa kwa kanjira kochepetsetsa ka pamapupo. Ngati mbali ina inayezedwa ndi zida za asaveya pa mabikoni, imeneyo siisunthidwa. Minda yoyezedwa ndi foni ndiyo imakokeredwa kwa iyo. Tizidutswa totsala, tikasandutsidwa mapoligoni, timaphatikizidwa ndi `Eliminate selected polygons` ku munda womwe tagundana nawo pa mzere wautali koposa.

Kulowerana kwakukulu ndi nkhani ina. Mabanja awiri akaloza malire osiyana, wina nati ndi pachulu, wina nati ndi pa mtengo wa mango mamita khumi kutsogolo, mapu sanalakwe kanthu. Ajambula mkangano womwe ulipo. Wogwira kompyuta alibe mphamvu yodula pakati. Malo otere amalembedwa kuti ali pa mkangano, amachotsedwa kaye pa chiwerengero, ndipo nkhaniyo imabwerera kumudzi, kwa eni ake, kwa amfumu ndi komiti ya malo a makolo, kapena ku bwalo loweruza milandu ya malo lomwe lamulo lija linakhazikitsa.

Kukoka ngodya kumatha kubala mizere ina yodzipingasa, choncho kufufuza konse kumabwerezedwa kuchokera pa `Check validity`. Pali mayeso amodzi omaliza osavuta. Kukula kwa minda yonse kumaphatikizidwa, kenako minda yonseyo imasungunulidwa kukhala poligoni imodzi ndi `Dissolve`, n'kuwerengera kukula kwake. Manambala awiriwa akafanana, palibe malo owerengedwa kawiri. Akasiyana, kusiyanako ndiko kukula kwa kulowerana komwe kwatsala. Pa minda iwiri ija, kusiyanako kunali 200 isanakonzedwe ndipo kuyenera kukhala 0 ikakonzedwa.

Zambiri mwa ntchitoyi zimapeweka pa nthawi yojambula. Malire a minda iwiri amayezedwa kamodzi, eni ake onse alipo, ndipo mzere umodziwo umagwira ntchito ku minda yonse iwiri. Mu QGIS, `Enable Snapping` imachititsa kuti ngodya yatsopano igwere pa yomwe ilipo kale, `Avoid Overlap on Active Layer` imadula mbali ya munda watsopano yomwe yalowa mwa wina, ndipo `Topological Editing` imasuntha ngodya ya minda yonse yogundana pamodzi munthu akasuntha ya munda umodzi. Zitatuzi zimayatsidwa munda woyamba usanajambulidwe.