BUKU LA KATUNDU WA M'OKALA: KUDZIWA ZIMENE ZILIPO

Pakati pathu alipo angapo amene akagulitsa soya kapena mtedza, kapenanso akagawana ndalama za banki mkhonde, amatsegula kaokala pakhomo. Ndikawafunsa kuti shuga watsala mapaketi angati, ambiri amayamba asuzumira pa shelefu. Ndikafunsanso kuti amayenera kutsala angati, yankho silipezeka. Funso lachiwirili ndilo limene buku la katundu limayankha. Shelefu imakuuzani zimene zilipo, buku limakuuzani zimene ziyenera kukhalapo, ndipo mukafananiza ziwirizi mumadziwa ngati mpamba wanu ukudontha.

Buku limeneli si la ndalama ayi, ndipo si la ngongole. Muno mumalemba chiwerengero cha katundu basi.

Kakonzedwe ka buku

Gulani kope lachikuto cholimba, rula ndi bolopeni. Katundu aliyense mumupatse tsamba lakelake, ndipo pamwamba pa tsambalo lembani dzina lake ndi kukula kwake, mwachitsanzo "Shuga wa 1 kilogalamu". Ngati mumagulitsanso shuga wa theka la kilogalamu, ameneyo akhale ndi tsamba lina. Mukaziphatikiza, nambala ya m'buku siikuuzaninso kanthu.

Jambulani mizere inayi yotsika kuti tsamba likhale ndi magawo asanu: Tsiku, Chachitika n'chiyani, Zolowa, Zotuluka ndi Zotsala. Masamu ake ndi amodzi okha. Tengani zotsala za mzere wapamwamba, onkhetsani zolowa, chotsani zotuluka, ndipo yankholo ndilo zotsala zatsopano.

Musayambe ndi katundu yense wa m'okala tsiku limodzi, mungatope sabata isanathe. Sankhani mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi imene imadya ndalama zambiri ndiponso imayenda msanga, monga shuga, sopo, mafuta ophikira, mchere ndi mazira. Maswiti ndi machesi adzalowa dzanja likazolowera.

Lembani m'muyeso umene mumagulitsira. Apa ndi pamene ambiri amasokonezekera. Shuga mumapikula pa belo koma mumagulitsa pa paketi, choncho belo la mapaketi 20 lilowe m'buku ngati 20, osati 1. Chimodzimodzi katoni ya sopo: itseguleni, muwerenge sopo amene alimo, mulembe nambalayo. Kuwerengako muchite tsiku lomwe mwabwera naye katunduyo, lisiti ili m'manja, chifukwa ngati katoni inali yoperewera mudzadziwa kuti vuto linachokera kopikula, osati kunyumba kwanu.

Sabata imodzi ya shuga

Tiyerekeze kuti mwayamba buku Lolemba m'mawa. Musanagulitse kanthu, mwawerenga shuga yense, wa pa shelefu ndi amene muli naye kuchipinda, mwapeza mapaketi 12. Nambala imeneyi ndiyo mzere woyamba. Sabatayo ikuyenda motere:

| Tsiku | Chachitika n'chiyani | Zolowa | Zotuluka | Zotsala |
|---|---|---|---|---|
| Lolemba | Ndawerenga | | | 12 |
| Lolemba | Ndagulitsa | | 4 | 8 |
| Lachiwiri | Ndapikula belo limodzi | 20 | | 28 |
| Lachiwiri | Ndagulitsa | | 5 | 23 |
| Lachitatu | Ndagulitsa | | 3 | 20 |
| Lachitatu | Wapita kunyumba | | 1 | 19 |
| Lachinayi | Ndagulitsa | | 4 | 15 |
| Lachinayi | Ndakongoza | | 2 | 13 |
| Lachisanu | Ndagulitsa | | 3 | 10 |
| Lachisanu | Paketi yaphulika | | 1 | 9 |
| Loweruka | Ndagulitsa | | 4 | 5 |

M'buku mwanu muzilembanso deti, osati dzina la tsiku lokha.

Taonani mizere itatu imene sinabweretse ndalama m'kabati: shuga amene anapita kunyumba, amene anakongozedwa ndi amene anaphulika. Yonse yalembedwa ku zotuluka, chifukwa buku la katundu silifunsa ngati mwalandira ndalama. Limangofunsa ngati paketi yachoka pa shelefu. Wangongoleyo dzina lake likalembedwe m'buku la ngongole, koma mapaketi awiriwo achotsedwe muno tsiku lomwelo.

Mzere wa "wapita kunyumba" ndi umene umavuta kwambiri. Okala ndi yanu, shuga ndi wanu, ndiye kulemba kumaoneka ngati kudzilondalonda nokha. Palibe akukuletsani kumwa tiyi wa shuga. Koma paketi ikachoka osalembedwa, Loweruka idzaoneka ngati yabedwa, ndipo mudzayamba kuyang'ana mwana wanu ndi diso loipa pa chinthu chimene munatenga nokha.

Mwina mukufunsa kuti, kodi ndizitsegula buku nthawi iliyonse wogula akabwera? Ayi. Ikani kapepala pa kauntala kokhala ndi mayina a katundu uja. Mukagulitsa paketi imodzi, ikani kamzere kamodzi patsogolo pa dzina lake, ndipo kachisanu kazidutsa pa tinayi tija kuti kuwerenga kusavute. Madzulo mukatseka, werengani timizereto ndi kusamutsira nambalayo m'buku. Njira imeneyi ndi yabwinonso chifukwa aliyense amene mwamusiyira okala mukapita kudimba akhoza kuika kamzere, ngakhale amene sukulu sanapite nayo patali.

Tsiku lowerenga

Kumunda wathu wophunzirira sitingoyang'ana mbewu tili chapatali n'kunena kuti zili bwino. Sabata iliyonse timalowa m'mizere, n'kuwerenga tizilombo ndi kulemba. M'okala muchitenso chimodzimodzi. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, mutatseka, muwerenge katundu ndi manja. Yambani kuwerenga musanayang'ane m'buku, chifukwa munthu akadziwa kale kuti payenera kukhala 5, maso ake amaona 5.

Pa chitsanzo chathu buku likuti 5. Inu mwawerenga mwapeza 3. Mapaketi awiri akusowa.

Musathamangire kunena kuti mwaberedwa. Yambani mwabwereza masamu: munali ndi 12, munawonjezera 20, zonse ndi 32. Zotuluka zonse za sabatayi zikukwana 27. Mukachotsa 27 pa 32 mutsala ndi 5, choncho masamu alibe vuto. Kenako yang'anani kuseri kwa shelefu ndi m'thumba la belo lija, mwina mwatsalira paketi. Onaninso m'buku la ngongole ngati muli shuga amene sanalembedwe muno. Funsani apabanja mwaulemu ngati wina anatenga kapena anagulitsa n'kuiwala kamzere. Ndalama za m'kabati nazo zimathandiza: ngati tsiku lina zinaposa zimene timizere timanena ndi mtengo wa mapaketi awiri, ndiye kuti shugayo anagulitsidwa, chinaiwalika ndi kulemba.

Mukafufuza koma osapeza, musafufute kapena kusintha manambala akale kuti agwirizane. Lembani mzere watsopano: "Ndawerenga, akusowa", 2 ku zotuluka, 3 ku zotsala. Sabata yatsopano iyambire pa 3, nambala imene ilipodi. Kusowa kwa sabata imodzi kukhoza kukhala kuiwala chabe. Koma mzere umenewu ukamabwera sabata ndi sabata pa tsamba lomwelo, kapena masiku okhaokha amene inu mwachokapo, pamenepo pali nkhani yofunika kukhalirana pansi.

Nthawi zina mudzapeza zambiri kuposa za m'buku. Musasangalale nazo. Kawirikawiri ndiye kuti mwaiwala kulemba zolowa, kapena kamzere ka sopo kanaikidwa pa shuga, ndipo tsamba la sopo likhala likuperewera.

Wina anganene kuti mapaketi awiri si kanthu. Tiyeni tiwerengere ndi mitengo yongoyerekeza. Ngati paketi mumapikula pa K2,800 n'kugulitsa pa K3,000, phindu lanu ndi K200. Mapaketi awiri osowawo adya K5,600 ya mpamba, ndipo kuti muibweze muyenera kugulitsa mapaketi 28. Sabata yonseyi mwagulitsa 25, kuphatikizapo awiri a ngongole aja. Ndiye kuti phindu lonse la shuga la sabata imeneyi lapita ndi mapaketi awiriwo, osawerengera imene inaphulika. Ikani mitengo yanu yeniyeni m'masamu amenewa muone.

Katundu wogulitsa moyeza

Mafuta ophikira a m'chigubu cha malita 20 amavuta, chifukwa simungawawerenge monga sopo. Njira yapafupi ndi kuwagawa m'mabotolo oyera ndi ouma a lita imodzi tsiku lomwe afika, n'kulemba mabotolowo ku zolowa. Botolo limene mwatsegula kuti muzigulitsa pang'onopang'ono lilembedwe ku zotuluka nthawi yomweyo, ndipo musatsegule lina loyambalo lisanathe. Potero zotsala za m'buku ndi mabotolo otseka okha, amene mukhoza kuwerenga.

Pa botolo lotsegulalo, ikani timizere kuti muone kuti likutulutsa miyeso ingati. Ngati kachikho kanu ndi ka mamililita 100, lita imodzi iyenera kupereka miyeso 10. Mukamapeza 8, mwina dzanja likupyola pothira, kapena kachikhoko ndi kakakulu kuposa mmene mumaganizira. Mchere, mpunga ndi ufa wogulitsa m'timapepala muchite nawo chimodzimodzi: mangani timapaketi tonse kaye, muwerenge, kenako mulembe.

Nthawi yokapikula

Pakatha masabata atatu kapena anayi, tsamba lililonse limayamba kukuuzani liwiro la katundu wake. Shuga wathu uja akutuluka pafupifupi mapaketi 4 pa tsiku. Ngati pamatenga masiku atatu kuchokera pamene mwaganiza zokapikula kufika pamene belo lafika pakhomo, mufunika mapaketi 12 oti mugulitse podikira. Onjezerani ochepa a tsiku la msika, mulembe pamwamba pa tsamba ndi pensulo kuti "Zikafika 15, kapikuleni". Pa sabata yathu ija nambalayo inakwana Lachinayi, koma mwini wake wafika Loweruka ali ndi mapaketi 3 okha. Lolemba ogula adzapita kwa mnzake. Ndanena pensulo chifukwa nambalayi imasintha: nyengo yokolola anthu akakhala ndi ndalama katundu amathamanga, pamene mu Januwale ndi Febuluwale amayenda mwakachetechete.

Tsamba limene zotsala zake sizikusuntha kwa mwezi wathunthu likukuuzani kuti ndalama zanu zagona pa shelefu, ndipo katunduyo musamupikulenso wambiri. Kwa katundu wokhala ndi tsiku lothera mphamvu, monga mkaka waufa kapena timapaketi ta mbewu za masamba, lembani tsikulo pa mzere wa zolowa, ndipo watsopano muzimuika kumbuyo kuti wakale ayambe kutuluka.

Ntchito ya sabata ino

Amene muli ndi okala, tsegulani masamba a katundu atatu, mulembe kwa masiku asanu ndi awiri, muwerenge, ndipo mubwere nalo bukulo tikadzakumananso. Amene mulibe okala, chitani zomwezo ndi matumba a chimanga kapena a fetereza amene muli nawo kunyumba. Tidzakhala awiriawiri, wina n'kubwereza masamu a mnzake.