Yankho lililonse pakhomo pake

Kafukufuku wa mafunso amene munthu amayankha m'mawu akeake akatha, chimene chimatuluka m'kompyuta kawirikawiri ndi mulu. Ena amalandira fayilo ya Word imene wolemba anangotsanuliramo zonse zimene zinali pamapepala. Ena amalandira fayilo ya CSV imene yankho lililonse lili pamzere wakewake: nambala ya woyankha, funso, kenako mawu amene ananena. Mulu wotere umawerengeka, koma sungakuuzeni kuti ndi anthu angati anadandaula za chinthu chimodzimodzi. Kuti zimenezo zitheke, pamafunika tebulo limene munthu aliyense ali ndi mzere umodzi wopingasa, ndipo funso lililonse lili ndi kolamu yake yotsika.

Tiyerekeze kuti alimi 60 afunsidwa mafunso 5 okhudza kagulitsidwe ka mbewu zawo. Musanakhudze chilichonse, chulukitsani: 60 kuchulukitsa ndi 5 ndi 300. Tebulo lanu lidzakhala ndi timabokosi 300 ta mayankho, osaposa, osachepera. Ndiye werengani mizere ya mulu uja. Tinene kuti mwapeza 291. Anthu ambiri apa amangoti mayankho 9 akusowa, n'kupitirira. Sungani nambalayo, tiionanso.

Msampha woyamba ndi wa changu. Munthu amaona kuti mayankho akubwera asanuasanu, ndiye amakopera asanu oyamba kumzere wa mlimi woyamba, asanu otsatira kwa wachiwiri, choncho mpaka pansi. Zimayenda bwino mpaka pa mlimi amene sanayankhe funso lachitatu. Kuchokera pamenepo zonse zimasendera: yankho lake lachinayi limalowa m'malo mwa lachitatu, ndipo kabokosi kake komaliza kamadzazidwa ndi yankho loyamba la mnzake wotsatira. Kompyuta sidandaula. Mumadzazindikira mochedwa, mukaona pansi pa funso loti "Mumagulitsa kuti mbewu zanu?" pali yankho loti "Boma liike mitengo yabwino." Choncho yankho lisapatsidwe malo potengera pamene lapezeka pamulu. Lipatsidwe malo ndi zinthu ziwiri zimene likuyenda nazo, nambala ya munthu ndi dzina la funso, monga momwe kalata imafikira mwiniwake chifukwa cha keyala, osati chifukwa cha pamene inagona m'thumba.

Mu Excel zimachitika motere. Koperani muluwo patsamba lina, mulitche gwero, ndipo fayilo yoyambayo muitseke osaisinthanso. Kolamu A ikhale ya nambala za oyankha, B ya mafunso, C ya mayankho. Nambalazo muziyambe ndi chilembo, monga W007, chifukwa Excel ikaona 007 imadya maziro n'kusiya 7. Mafunso muwapatse mayina aafupi osasinthasintha, funso1 mpaka funso5. Mu kolamu D lumikizani ziwirizo kuti zikhale keyala imodzi, ndipo mukokere fomulayi mpaka pansi:

```
=TRIM(A2)&"|"&TRIM(B2)
```

TRIM imachotsa mipata yosaoneka imene wolemba anasiya kumapeto kwa mawu. Popanda iyo, W017 yokhala ndi mpata kumapeto kompyuta imaitenga ngati munthu wina.

Tsopano patsamba latsopano ndandalikani alimi 60 aja mu kolamu A kuyambira A2, ndipo mayina a mafunso muwalembe pamwamba kuyambira B1 mpaka F1. Mu B2 lembani fomula iyi, kenako muikokere kumanja ndi pansi:

```
=IFERROR(INDEX(gwero!$C:$C,MATCH($A2&"|"&B$1,gwero!$D:$D,0)),"PALIBE")
```

Kabokosi kalikonse kakupita kukafunafuna keyala yake pamulu, n'kubweretsa mawu amene kapeza. Kakapanda kupeza kalemba PALIBE. Wina anganene kuti PivotTable ikanafulumira, koma iyo mwachizolowezi imawerenga ndi kuphatikiza manambala, ndipo m'malo mwa mawu a mlimi mungaone 1 yekhayekha.

Tibwerere ku 291 ija. Mukawerenga ma PALIBE m'tebulo latsopano mwapeza 12, osati 9. Ndiye kuti timabokosi todzaza ndi 288, ndipo mizere 3 ya pamulu sinalowe paliponse. Apa ndi pamene ntchitoyi imafuna mtima wodekha. MATCH ikapeza keyala imodzi kawiri imatenga yoyambayo, yachiwiri n'kuisiya mwakachetechete. Kuti muione, lembani izi mu kolamu E ya gwero:

```
=COUNTIF(D:D,D2)
```

Paliponse pamene patuluka 2 pali nkhani. Mwina wofunsa anatumiza fomu kawiri chifukwa netiweki inavuta, ndipo mawu ake ndi ofanana ndendende. Pamenepo chotsani umodzi. Mwina mlimi analankhula zambiri ndipo wolemba anadinda Enter pakati pa yankho, theka lachiwiri n'kukhala mzere wapadera, pamenepo lumikizani. Koma mwina nambala inalembedwa molakwika, W041 m'malo mwa W014, ndipo yankho la munthu wina lakhala pa dzina la mnzake pamene kabokosi ka mwiniwake kakuti PALIBE. Chachitatuchi sichikonzeka ndi fomula. Pamafunika kutsegula katoni ya mapepala kapena kuimbira amene anafunsa. Ngati COUNTIF sikuonetsa 2 paliponse koma mizere ikusowabe, yang'anani mayina a mafunso olembedwa molakwika, monga fnso3.

Ma PALIBE otsalawo si amtundu umodzi. Mlimi amene sanagulitse kalikonse chaka chimenecho sanafunsidwe n'komwe za mitengo. Wina anafunsidwa koma anakana kuyankha. Wina anati "sindikudziwa", ndipo limenelo ndi yankho lenileni loyenera kulembedwa. Ofufuza ambiri amapatsa mtundu uliwonse nambala yake, monga 88 kwa wosafunsidwa ndi 99 kwa wokana. Nambala zake zilibe kanthu, bola zilembedwe patsamba lofotokoza makhodi ndipo zisasinthe pakati pa ntchito.

Kanthu kena kamavutitsa ife olemba Chichewa. Fayilo ya CSV ikatsegulidwa pongoidinda kawiri, chilembo cha ŵ nthawi zina chimasanduka Åµ. Mawuwo sanawonongeke, Excel yangowawerenga ndi kalembedwe kolakwika. Lowetsani fayiloyo kudzera pa Data, kenako From Text/CSV, ndipo musankhe UTF-8.

Manambala akagwirizana, koperani tebulo lonse n'kulimata ngati Values kuti mafomula achoke, mawu okha atsale. Mukatero m'pamene mutha kuwonjezera makolamu a makhodi pambali pa funso lililonse, mawu a mlimi ali pomwepo osafufutidwa. Tinene kuti W023 anayankha funso2 kuti: "Mavenda amatibera pasikelo, komanso msika uli kutali." Muli nkhani ziwiri mmenemo. Mukalemba "1, 3" m'kabokosi kamodzi, kuwerenga kudzakuvutani, ndipo mukasankha nkhani imodzi mwataya inayo. Njira yabwino ndi kupatsa nkhani iliyonse kolamu yake: f2_sikelo, f2_mtengo, f2_mtunda, f2_zina. Mlimiyu alandira 1 pa sikelo, 0 pa mtengo, 1 pa mtunda, 0 pa zina. Amene sanafunsidwe musamulembere 0, chifukwa 0 akutanthauza kuti anayankha koma sanaitchule nkhaniyo. Musiyireni mpata, kuti 88 asalowe m'chiwerengero pophatikiza kolamu.

Magulu amenewa asachokere m'mutu mwanu musanawerenge. Werengani kaye kolamu yonse ya funso2 kuyambira pamwamba mpaka pansi, mayankho 60 motsatizana, chinthu chimene pamulu paja chinali chosatheka. Ndipo mukaona kuti f2_zina yadzaza kuposa anzake, muli nkhani imene simunaipatse kolamu, mwina ya ogula amene amatenga mbewu pangongole n'kuchedwa kulipira. Tsegulani kolamu yatsopano, ndipo mubwerere kwa W001 kukayambiranso, chifukwa amene munawadutsa kale mwina anaitchulanso.