Mphindi 20 za Tadala: nthano ya mayeso a pa intaneti

Nditalemba koyamba nthano ya Tadala, ndinampatsa mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira maphunziro a patali, kuti awerenge. Atafika pamzere wakuti "mwadzidzidzi netiweki inachoka," anaika pepala pansi n'kundifunsa kuti, "Malume, inachoka bwanji?" Ndinalibe yankho. Kuyambira tsikulo ndakhala ndikuilembanso, ndipo ndaona kuti nthano yonse yagona pafunso limenelo.

Nkhani yake n'njaifupi. Tadala amagwira ntchito mushopu masana, amachita lendi kachipinda ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, ndipo amaphunzira madzulo kudzera pafoni. Mayeso ake ndi olemba pamanja kunyumba, kenako n'kujambula mapepalawo ndi kuwatumiza pa Moodle, pulogalamu imene sukulu zambiri zaukachenjede zinayamba kudalira kwambiri kuchokera mu 2020, pamene Covid-19 inatseketsa sukulu. Khomo litsekedwa 9 koloko usiku. Nthano ikuyamba nthawi ili 8:40, iye atangomaliza tsamba lachisanu ndi chiwiri.

Tikamati intaneti yavuta timasakaniza matenda osiyana, ndipo lililonse lili ndi zizindikiro zake. Magetsi akathima nthawi yaitali, mabatire a pansanja ya netiweki amatha kutha mphamvu. Zikatero timizere ta pafoni timazimiririka, kapena pomwe panali 4G pamabwera E. Nthawi zina vuto limakhala kusukulu: masamba ena onse akutseguka bwinobwino, koma la mayeso lokha likungozungulira, chifukwa ophunzira mazanamazana akukankhana pakhomo limodzi m'mphindi zomaliza. Ine ndinasankha matenda achitatu, amene ndi oipitsitsa chifukwa amabisala. Timizere tadzaza, mauthenga a pa WhatsApp akulowa, koma tsamba la sukulu silikutseguka. Chachitika n'chakuti bandulo ya intaneti yonse yatha, yatsala ya WhatsApp yokha. Munthu amene mtima uli m'malere saganiza zimenezi. Amazimitsa foni, n'kuyatsanso, n'kutuluka panja kuikweza m'mwamba, pamene akanangofunsa zotsala za bandulo akanadziwa m'masekondi ochepa.

Kuti wowerenga amve mtima ukugunda, masamu ayenera kukhala oona. Chithunzi chimodzi chojambula pafoni chimatha kulemera mamegabaiti atatu, choncho masamba 7 a Tadala ndi mamegabaiti 21. Kutumiza fayilo kumachedwa kusiyana ndi kulandira, makamaka madzulo pamene dera lonse lili pafoni. M'nthanomu megabaiti iliyonse ikutenga masekondi 40, kutanthauza mphindi 14 kuti zonse zipite. Akuyamba 8:40, ndiye ayenera kumaliza 8:54. Nthawi ilipo, ndipo akuyamba ngakhale kuganiza zoteleka madzi a tiyi. Koma pa 8:49 kamzere kosonyeza mmene fayilo ikuyendera kakuima. Mphindi zitatu zikuthera kuzimitsa ndi kuyatsa foni. Pa 8:52 m'pamene akuzindikira kuti ndi bandulo, muakaunti ya pafoni mulibe ndalama, ndipo ejenti wa pakona anatseka kale.

Apa mpamene pali nthano yeniyeni, ndipo mpamene ndakhalitsa kwambiri. Foni ina yokhala ndi bandulo pabwalo lonselo ndi ya mayi eni nyumba, amene Tadala ali nawo ngongole ya lendi ya miyezi iwiri. Sabata yonse wakhala akulowa mozemba, mdima utagwa. Tsopano ayenera kukagogoda pakhomo pomwepo.

"Odi, amayi."

"Ndani usiku uno? Oo, Tadala. Wabwera nayo?"

"Ayi amayi, pepani. Ndikulemba mayeso, bandulo yandithera. Mungandiyatsireko Hotspot mphindi zisanu zokha?"

Mayiwo sakudziwa kuti chinthucho chili pati mufoni mwawo. Akumuyang'ana kaye, kenako akumpatsa foni yonse m'manja n'kunena kuti, "Yatsa wekha mwanawe, ine za zimenezo sindizitsata." Sindinalembe kuti Tadala anachita manyazi kapena kuti mayiwo anali achifundo. Funso lakuti "wabwera nayo?" ndi kuperekedwa kwa foni zikunena zonsezo, ndipo ngongole ikadalipobe.

Vuto silinathe. Fayilo ikaduka pakati, nthawi zambiri imayambiranso pachiyambi, ndipo mphindi 14 sizingalowe m'mphindi zisanu ndi imodzi zimene zatsala. Chimene chikumupulumutsa ndi nzeru imene mnzake anamuuza kale iye osalabadira: kusonkhanitsa zithunzi zonse kukhala fayilo imodzi ya PDF yochepetsedwa kulemera. Masamba omwewo akhala mamegabaiti awiri, zolemba zikuwerengekabe, ndipo zikupita m'masekondi 80. Pa 8:58 akudina Save changes. Akubweza foni, akuthokoza atagwada pang'ono, n'kukagona.

Mwana wa mlongo wanga ndi amene anandisonyeza msampha womaliza. Pa Moodle, mphunzitsi amatha kukonza zoti fayilo isawerengedwe kuti yaperekedwa mpaka wophunzira atadinanso Submit assignment. Asanatero, pasikirini pamalembedwa Draft (not submitted). Zikatheka bwino pamalembedwa Submitted for grading. Palinso nthawi ziwiri zosiyana: Due date, imene ikadutsa ntchito imalandiridwabe koma imaoneka kuti yachedwa, ndi Cut-off date, imene ikadutsa khomo limatsekeka ndithu, pokhapokha mphunzitsi ataonjezera nthawi. Ndipo wotchi imene imagamula ndi ya kompyuta ya kusukulu, osati ya pafoni ya wophunzira. Tadala akuona mawu akuti Draft m'mawa, ali m'minibasi kupita kuntchito, atagula kabandulo ndi ndalama ya chakudya cha masana.

Ena anandilangiza kuti ndithetse nthanoyi ndi mphunzitsi wankhanza amene akukana kumva, ena kuti ndi wachifundo amene akukhululuka. Ndinakana zonse ziwiri. Mphunzitsi amalandira madandaulo a netiweki ambirimbiri pamayeso aliwonse, oona ndi abodza, ndipo sangawasiyanitse ndi misozi. Chimene angachione ndi umboni: fayilo ili pomwepo, ndipo pulogalamuyo imasunga nthawi imene inasinthidwa komaliza. Wolemba amene akudziwa zimenezi safunika kupanga chigawenga. Zimandipweteka ndikamawerenga nthano zimene mwana wosauka amangovutika popanda kuchitapo kanthu, pomwe ophunzira amene ndimawadziwa amawerengera megabaiti iliyonse monga mayi amawerengera ufa wa pamwezi.

Choncho ndime yomaliza ikumupeza Tadala ataima kuseri kwa shopu, asanatsegule. Wajambula sikirini yosonyeza fayilo ndi nthawi ya 8:58. Akulemba imelo yaifupi: dzina lake, nambala yake ya kusukulu, dzina la phunziro, zimene zinachitika m'mizere itatu, ndi pempho lakuti amutsegulire kuti adine batani limene anasiya, popanda kusintha kalikonse m'fayilo. Akuwerenganso kawiri, akufufuta mawu akuti "chonde ndimvereni chisoni," n'kutumiza. Kenako akuyang'ana zotsala za bandulo, akuika foni m'thumba, ndipo akukweza chitseko chachitsulo cha shopu chifukwa kasitomala woyamba wafika kale kudzagula shuga.