Imelo yofunsira udindo waukulu: nenani katundu amene munasenzapo

Kampani kapena bungwe likamafuna mkulu watsopano, osankha amalandira maimelo ambiri ndipo amawawerenga mofulumira. Pa udindo wotere safunsa ngati ndinu wolimbikira ntchito. Amafuna kudziwa kukula kwa katundu amene munasenzapo kale: mumayang'anira chiyani, ndalama zingati, anthu angati. Imelo yabwino imayankha mafunso amenewa m'ndime zitatu, zina zonse n'kuzisiyira sivii.

Tiyerekeze mayi amene amatsogolera nthambi m'bungwe la zaulimi, ndipo akufunsira udindo wa mkulu wa bungwe lina. M'ndime yoyamba angotchula udindo umene akufuna ndi umene ali nawo panopa. Ndime yachiwiri ndiye mtima wa imeloyo, ndipo ingamveke chonchi:

"Ndimayang'anira ntchito za bungwe lathu m'maboma 6 a m'chigawo chapakati, ndipo malipoti anga amapita kwa mkulu wa bungwe. Mu 2024 bajeti ya nthambi yanga inali K3.2 biliyoni, ndine amene ndimaikonza ndi kuvomereza kagwiritsidwe ntchito kake. Mamanejala 5 ali pansi panga mwachindunji, ndipo nthambi yonse ili ndi antchito 84."

Mayiyu wapereka manambala awiri a anthu mwadala. Akanangolemba 84, wowerenga wozindikira akanakayika, chifukwa palibe amene angayang'anire anthu 84 payekha tsiku ndi tsiku. Akanangolemba 5, ntchito yake ikanaoneka yaing'ono. Manambala awiriwa pamodzi akusonyeza kuti amatsogolera anthu amene nawonso amatsogolera anzawo, ndipo limeneli ndilo luso limene bodi imafuna.

Pa ndalama ndi pamene ambiri amapunthwa. Ena amatchula bajeti ya bungwe lonse pamene gawo lawo linali laling'ono. Bodi ikafunsa amene anali mabwana awo, zoona zimatuluka ndipo chikhulupiriro chimatha. Choncho nenani ngati ndalamazo mumazivomereza nokha kapena mumangopereka uphungu. Tchulaninso chaka, chifukwa mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, K3.2 biliyoni ya 2022 si yofanana ndi ya 2024. Ngati bajetiyo ndi chinsinsi cha kampani, gwiritsani ntchito nambala yomwe inasindikizidwa m'lipoti la pachaka, kapena lembani kuti "yoposa K3 biliyoni". Woulula zinsinsi za bwana wake wa lero, bwana wa mawa sangamudalire.

Ndime yomaliza itchule chinthu chimodzi chimene mayiyu anakwaniritsa chogwirizana ndi zomwe bungwe latsopano likusowa, mwachitsanzo kutsegula ofesi m'boma lina popanda kupyola bajeti. Kenako anene kuti sivii waiphatikiza ndipo ali wokonzeka kukumana ndi bodi. Asanatumize, awerengenso nambala iliyonse n'kudzifunsa ngati angaiikire umboni atafunsidwa pa intavyu. Imene sangaiikire umboni, aichotse.