Malaya Akalankhula, Thalauza Likhale Chete

Loweruka masana mnzanu wakuitanani kokawotcha nyama pakhomo pake. Suti ndi tayi pamenepo n'zosayenera, komabe simukufuna kuoneka ngati mwangodutsa pochokera ku dimba. Amuna ambiri masiku ano amatola malaya a chitenje, ndipo amachita bwino. Pamene ambiri amaphonya ndi m'munsimu, pa thalauza ndi nsapato.

Nelson Mandela ankadziwika ndi malaya a maluwa owala, osapisira, mpaka anthu anawatcha dzina lake la Madiba. Mukayang'anitsitsa zithunzi zake muona kuti thalauza nthawi zambiri linkakhala lodera, lopanda chojambula chilichonse. Diso la munthu limafuna malo amodzi oti liimepo. Malaya akakhala aphokoso, thalauza n'kukhala la mizeremizere, nsapato nazo za mitundu itatu, wokuonaniyo sadziwa poyambira, ndipo nkhope yanu imasowa pakati pa zonsezo.

Tiyerekeze kuti mwagula chitenje chimene mtundu wake waukulu ndi wa olenji, chili ndi maluwa oyererako, ndipo mizere yozungulira maluwawo ndi ya buluu wodera. Ambiri amathamangira mtundu waukuluwo, n'kukasaka thalauza lofiirira kuti "zigwirizane". Zikatero munthu amangosanduka olenji kuyambira m'khosi mpaka kuphazi. Chofunika ndi kuyang'ana mtundu umene uli wochepa komanso wodekha m'nsaluyo, apa ndiye buluu uja. Thalauza la buluu wodera, kapena jinzi yodera yosang'ambika m'mawondo, limachititsa kuti mizere ija ioneke, olenji uja n'kukhala pamalo pake. Ngati phwandolo ndi la masana kunja kukutentha, khaki naye amakhala bwino chifukwa akuyankhana ndi maluwa oyererawo. Lakuda silikana chilichonse, koma pa dzuwa la mu Okutobala mulimva. Popita pa kaunjika kapena m'sitolo, tengani kachidutswa ka nsalu kotsala kwa telala, mukakasanjike pa thalauzalo panja powala. Magetsi a m'sitolo amanamiza.

Kwa telala nakonso kuli nkhani. Mamita awiri amakwanira malaya a manja aafupi kwa munthu wa thupi lapakatikati, koma maluwa akakhala akuluakulu onjezani nsalu, kuti telala apeze podula molumikiza bwino. Poyesa malayawo mangani mabatani onse, muime pagalasi. Duwa limene lili pachifuwa liyenera kukumana mbali zonse ziwiri ngati silinadulidwe. Likakhala theka m'mwamba theka m'munsi, ntchitoyo yathamangidwa. Chimodzimodzi thumba: lodulidwa bwino silioneka msanga, chifukwa maluwa ake amapitiriza a pamalayapo. Ine ndimaona kuti pa nsalu yodzaza chonchi ndi bwino kungolisiya thumbalo.

Musanapereke nsaluyo, ichapeni kaye. Thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba, ndipo malaya osokedwa pa nsalu yosachapa amadzathina m'mapewa. Tikitaninso kansalu koyera konyowa pakona pake. Kakatenga utoto, dziwani kuti malayawo azichapidwa paokha, m'madzi ozizira, n'kuyanikidwa pamthunzi chotembenuza.

Malaya otere savalidwa mopisira, choncho utali wake ndi wofunika. Aphimbe lamba, athere chapakati pa zipi. Akafika m'ntchafu amakufupikitsani miyendo, ndipo akafupika kwambiri mimba imasuzumira mukangokweza dzanja kulandira mbale. Uzani telala kuti m'munsimo adule mowongoka, asiye timipata ting'onoting'ono m'mbali kuti muzikhala pampando momasuka. Batani la pakhosi lisiyeni lomasula, koma vesiti ya m'kati isatulukire.

Nsapato zisapikisane ndi malaya. Pa buluu wodera uja, zachikopa zabulawuni zongolowetsa phazi, zopanda zingwe, ndiye zake. Zoyera za kanivasi zopanda zolembalemba zimakhalanso bwino, makamaka kwa achinyamata, bola muganizire kumene mukupita: pabwalo la fumbi m'chilimwe, kapena m'matope a Januwale, zimafika zitasintha kale mtundu. Zija zosongoka zonyezimira za ku ukwati zisungeni, ndipo zothamangira za mitundu yowala n'za ku masewero. Lamba afanane ndi nsapato ngakhale wabisika, pakuti mukakhala pansi amaoneka ndithu, ndipo sokosi zitsate mtundu wa thalauza.

Wotchi imodzi ikukwanira. Chipewa chosokedwa ndi chitenje chomwecho, kapena kansalu kake kophatikidwa pa matumba a thalauza, kumeneko n'kuwonjeza mchere m'ndiwo zokoma kale. Telala akakuuzani kuti nsalu yatsala ndipo akhoza kukusokeraninso thalauza lofanana, muthokozeni, koma yotsalayo mupite nayo kunyumba.